Ndikumva kuotcha pokodza komanso chikazi chikutuluka, ndi chikhodzodzo kapena ndi zina?

Membala wobisa dzina: Azimayi anzanga ndithandizeni maganizo, dzina ndabisa dala poti mu gulupu muno muli azilamu anga. Ndili ndi zaka 29, ana awiri. Kuyambira sabata yatha ndikamakodza ndikumva kuotcha, nde ndinapita pa famase ndinawauza kuti ndili ndi yutiayi, matenda a njira ya mkodzo aja, anandigulitsa mankhwala a sipuro, ndamwa masiku atatu koma palibe chasintha olo pang'ono. Chinanso chikazi chikutuluka chambiri kuposa masiku onse ndipo mtundu wake sukundisangalatsa, chikuoneka chachikasu pa panti. Kodi ndigule mankhwala ena amphamvu kapena ndidikire kaye awawa agwire ntchito?

Make Tadala: Imeneyo ndi yutiayi basi mami, ine imandipanga pafupipafupi. Imwani madzi ambiri, olo malita atatu pa tsiku, komanso musamasunge mkodzo. Sipuro malizani, akakanika gulani amokisilini kapena bakitilimu.

Naphiri wa ku Joni: Matoileti awa asisi. Ngati kuntchito mumagwiritsa ntchito toileti imodzi anthu ambirimbiri mwatengera pamenepo, ine kuno ndimayenda ndi tishu yonyowa mu chikwama ndimayamba ndapukuta pokhalira

Nachisale (mzamba): Musagule kaye mankhwala ena chonde. Ndikufunseni mafunso angapo mundiyankhe mosabisa poti dzina mwabisa kale. Kodi mukupita kokodza pafupipafupi, mwina mphindi 20 zilizonse, nkumangotulutsa timadontho koma mukumvabe ngati mkodzo watsalira? Usiku mukudzuka kangati? Kuotchako mukukumva mkati ngati mkodzo womwewo ndi umene ukutentha potuluka makamaka pomalizira, kapena mukukumva kunja mkodzo ukakhudza khungu la kumusiko? Kukuyabwa? Fungo lilipo? Nanga thupi likutentha, kapena msana cha m'mbali munsi mwa nthiti ukuwawa? Komaliza, mwezi uno munasamba?

Membala wobisa dzina: Kokodza ndikupita mwa masiku onse, usiku mwina kamodzi basi. Kuotchako nkovuta kufotokoza koma ndikuona ngati nkwamkati cha poyambirira penipeni pamene mkodzo ukuyamba kutuluka. Kuyabwa ayi kwenikweni, fungo liliko pang'ono koma si loti munthu wina angalimve. Thupi silikutentha. Kusamba ndinasamba, ndili pa jakisoni wolera koma ndimasambabe pang'onopang'ono. China chomwe sindinanene, Lamlungu titakhala limodzi ndi bambo akunyumba ndinaona timagazi pang'ono, ndinangoti mwina nza jakisoni

Nachisale (mzamba): Zikomo. Mmene mwafotokozeramu ine sindikukhulupirira kuti vuto lili mu chikhodzodzo, ndipo ndikuuzeni chifukwa chake kuti ndi ena omwe muno amve.

Kumusi kwathuku kuli njira ziwiri zoyandikana kwambiri. Kutsogolo kuli kabowo ka mkodzo komwe kamakwera kukafika ku chikhodzodzo, kanjira kake nkakafupi, masentimita 4 okha kwa ife azimayi. Kumbuyo kwake kuli njira ya abambo yomwe imakathera ku khomo la chiberekero. Matenda a chikhodzodzo nthawi zambiri amabwera ndi tizilombo ta m'matumbo mwathu momwe, ambiri ndi aja amati ikolayi, amachoka kumbuyo nkukwera kanjira kakafupi kaja. Akafika mkati chikhodzodzo chimatupa nkumanyanyuka, sichifunanso kusunga mkodzo, nchifukwa chake munthu amangothamangira kuchimbudzi nkukatulutsa timadontho, pachinena pamalemera kapena kuwawa, mkodzo umaoneka wa mbuu mwinanso wamagazi. Koma chikhodzodzo sichitulutsa chikazi. Chikazi chimachokera njira inayo. Nde munthu akati ndikuotchedwa pokodza koma sindikupita pafupipafupi, komanso chikazi chasintha mtundu, ife maganizo amachoka ku chikhodzodzo kupita ku njira ya abambo ndi khomo la chiberekero.

Umboni wina ndi sipuro mwamwayo. Matenda wamba a chikhodzodzo akakumana ndi mankhwala oyenera munthu amayamba kumva kusintha pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Inu masiku atatu palibe kanthu.

Make Tadala: Koma anesi ine ndikadwala yutiayi chikazi chimatulukanso, choyera chamibulumibulu ndipo kuyabwa kwake ndimachita kulephera kukhala pansi kutchalitchi kkkk. Nde mukati chikhodzodzo sichitulutsa chikazi changacho chimachokera kuti

Nachisale (mzamba): Make Tadala chimayamba ndi chiti, kuotcha kapena kuyabwa? Ndipo choyeracho chimabwera musanamwe mankhwala kapena mutamwa?

Make Tadala: Mmm nthawi zambiri ndikamaliza makapisozi ndi pomwe kuyabwa kumanyanya, nde ndimagulanso ena poganiza kuti sizinathe

Nachisale (mzamba): Ndi zomwe ndimaganizira. Chanucho ndi kandida, choyera chogwiranagwirana ngati chambiko, chopanda fungo kwenikweni, kuyabwa koopsa, kumusi kumafiira mwina kung'ambikang'ambika chifukwa chokanda. Mkodzo ukadutsa pa timabala timeneto umaluma, munthu nkumati ndili ndi yutiayi pomwe chikhodzodzo chilibe vuto. Kuotcha kwa kandida nkwakunja, mukathira madzi pamene mukukodza kumachepa. Ndipo makapisozi mukugulawo ndi amene akuidyetsa. Mu njira ya abambo mumakhala tizilombo tabwino tomwe timasunga malowo kuti akhale owawasa pang'ono, nde amokisilini ndi anzake akapha tabwinoto kandida amapeza mpata nkuchulukana. Mukamwanso ena mukungoonjezera. Mankhwala ake ndi ena, mapilitsi oika kumusi usiku pogona aja amati kulotilimazo, ndi kirimu wake wopaka kunja. Mwina poyamba penipeni munalidi ndi matenda a chikhodzodzo, sindikukana, koma zomwe zikubwererabwererazi ine ndikukaikira kandida. Ndipo poti mwati pafupipafupi kayezetseni shuga ndi magazi, kandida wosatherapo amakonda anthu a shuga ndi omwe chitetezo chatsika, komanso oyembekezera.

Make Tadala: Aaa shuga ameneyo mayi anga ali naye, mwandiopseza. Koma za madzi ndinalondola eti

Nachisale (mzamba): Za madzi munalondola, zimathandiza kwa amene vuto lili mu chikhodzodzo, kusasunga mkodzo komanso kukodza mukangomaliza kukhala ndi abambo. Kungoti madzi sangachize chikazi chachikasu.

Gogo Nabanda: Ana inu zimenezi ife timati mauka. Kale munthu akadandaula zoyabwa kumusi ndi chikazi amapita kwa azamba akumudzi amakamuona, amamudula timinyama tija nkumupatsa mankhwala otawasira. Panopa mwangoti yutiayi yutiayi chilichonse. Mwana wanga ofunsawe tawasa ndi madzi ofunda othira mchere, usambe bwino mpaka mkati ndi sopo, ukhondo ukuchepa masiku ano

Chisomo Mangochi: Agogo zodulazo nde ayi ndithu, lezala limodzi anthu angapo

Nachisale (mzamba): Agogo ndi ulemu wonse, pa mauka mukunena zoona kuti mawu amenewa amaphimba zinthu zambiri ngati mmene yutiayi ikuphimbira lero, matenda atatu anayi osiyana dzina limodzi. Koma zodula ndikukana, timinyama tambiri timene ankadula nta chibadwa, ndipo bala la kumeneko ndi khomo lolowera matenda ena. Za sopo mkatinso ayi. Azimayi ambiri omwe amabwera ndi chikazi chonunkha si auve, ndi aukhondo wopyola muyezo, amalowetsa chala ndi sopo m'mawa ndi madzulo, ena mandimu, ena mankhwala oumitsa kuti abambo asangalale. Zimenezo zimachotsa tizilombo tabwino tija nkubwera chikazi chamadzimadzi chotuwa chonunkha nsomba, fungo limakula akangomaliza kugonana kapena akamasamba. Munthu akamva fungo amaonjezera kutsuka, zinthu nkumaipiraipira. Kunja tsukani ndi madzi, mkati mumadziyeretsa mokha. Kukhala m'beseni la madzi ofunda kungoziziritsa kuwawa kulibe vuto koma si mankhwala.

Gogo Nabanda: Chabwino anamwino, koma ife tinakula choncho ndipo tinabereka ana asanu ndi atatu opanda jakisoni

Membala wobisa dzina: Nde anesi changachi ndi chiti pamenepa poti si choyera, sichikuyabwa, fungonso si la nsomba

Nachisale (mzamba): Pa foni sindingatchule dzina la matenda, ndingakunamizeni. Koma ndikuuzeni zomwe zikundidetsa nkhawa. Chikazi chachikasu, kuotcha mkati mwa kanjira ka mkodzo popanda kuthamangira kuchimbudzi, ndi timagazi mukatha kugonana, zitatuzi zikakumana timaganizira kuti khomo la chiberekero latupa, ndipo zomwe zimakonda kutupitsa pamenepo ndi chinzonono ndi mnzake kilamidiya. Tizilombo timeneti timakhala pa khomo la chiberekero komanso timalowa mu kanjira ka mkodzo, nchifukwa chake munthu amamva ngati yutiayi. Palinso tilikomonasi, chikazi chake chimakhala chambiri chachikasu mobiriwira mwina cha thovu, nayenso amaotcha pokodza, koma kawirikawiri amayabwa ndi kununkha. Onsewa ndi opatsirana pogonana. Timagazito titha kukhalanso ta jakisoni wolera monga mwanenera, titha kukhala ta vuto lina pa khomopo, nde pafunika munthu aone ndi maso. Pitani mawa, musadikire sabata ithe.

Naphiri wa ku Joni: Nde si toileti? Ine adokotala kuno anandipatsa mankhwala ndinachira ndipo chiyambireni kupukuta pokhalira sizinabwerenso

Thoko wa ku labu: Asisi a ku Joni kupukuta pitirizani palibe akuletsani kkk koma chinzonono sichikhala pa pulasitiki kudikira munthu, tizilombo take timafa msanga tikauma. Ndipo ta chikhodzodzo nta m'mimba mwanu momwe, si ta munthu amene anakhalapo musanabwere. Chomwe matoileti auve amatipanga nchoti timasunga mkodzo tsiku lonse poopa kulowamo, apo nde pali vuto.

Kwa ofunsa, akakakutumizani ku labu ndi kabotolo musakangotunga mmene mwafikira. Sambani m'manja, pukutani kumusi ndi madzi kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, tsegulani ndi zala ziwiri, mkodzo woyamba utayikire m'chimbudzi, wapakati ndi umene mutunge. Ndikunena izi chifukwa ambiri amatibweretsera mkodzo wosakanikirana ndi chikazi, kapepala koyezera kamaonetsa kuti muli maselo oyera, mafinya tinene, kalata nkubwerera kwa adokotala, iwo nkulemba yutiayi, munthu nkupita kwawo ndi mankhwala a chikhodzodzo pomwe mafinyawo achokera kwina. Komanso mukanene kuti mwamwa sipuro masiku atatu, osabisa poopa kukalipiridwa, chifukwa amasokoneza zotsatira.

Nachisale (mzamba): Thoko wanena mfundo yeniyeni. Onjezerapo za naitiraiti

Thoko wa ku labu: Eya pa kapepala kaja pali kabokosi kena ka naitiraiti. Tizilombo ta m'matumbo ngati ikolayi tikakhala mu chikhodzodzo timapanga zimenezi, nde kakasintha mtundu timakhala ndi chikhulupiriro kuti ndi chikhodzodzodi. Chinzonono ndi kilamidiya sizipanga. Koma kakapanda kusintha sikuti basi mulibe, pamafunika mkodzo ukhale utakhalitsa m'chikhodzodzo maola ngati 4, pomwe wodwala yutiayi amakodza mphindi zilizonse, kuonjezera madzi a Make Tadala malita atatu aja mkodzo umasungunuka. Choyezera chenicheni nkumeretsa tizilombo mu mbale, zimatenga masiku awiri atatu ndipo zimapezeka mzipatala zikuluzikulu, pa helefi senta musayembekezere

Chisomo Mangochi: Ine ndingoponyako kuti musaiwale likodzo. Kwathu kuno mzimayi amatha kumwa mankhwala a matenda opatsirana kangapo, banja kutsala pang'ono kutha amvekere wandibweretsera matenda, kumapeto kupezeka kuti ndi likodzo lochapira kunyanja. Mchemwali wanga zinamuchitikira, chikazi, timagazi akakhala ndi bambo, kuwawa pokodza, anachira atamwa mapilitsi akuluakulu a likodzo aja. Ofunsa mumakhala kuti, munasambako m'nyanja kapena kudambo?

Membala wobisa dzina: Ndili ku Lilongwe koma kwathu ndi ku Nkhotakota, ndinakulira konko ndipo ndimapita chaka chilichonse, kuchapa ndi kunyanja basi

Nachisale (mzamba): Chisomo wachita bwino, ine sindinafunse zimenezo. Likodzo anthu amangolidziwa ndi magazi pomalizira kukodza mwa ana asukulu, koma mazira ake amakakhalanso pa khomo la chiberekero ndi m'njira ya abambo, nkumapanga zizindikiro zofanana ndi matenda opatsirana, ndipo munthu amatha kukhala nawo zaka. Nde mukanene kuti kwanu ndi ku Nkhotakota ndipo mumalowa m'nyanja. Mankhwala ake ndi pulazikwantelo, amayeza ndi kulemera kwa thupi. Komabe poti zanu zayamba mwadzidzidzi sabata yathayi ine sindikuchotsa maganizo oyamba aja, ziwiri zonse zitha kuyang'anidwa.

Mai Busa Nasibeko: Pepani ndalowa mochedwa sindinawerenge zonse, koma ngati ali oyembekezera asamwe mankhwala ogula okha. Ine mimba yachitatu ndinagonekedwa chifukwa cha zomwezi, zinayamba ndi kuotcha ndinazinyozera kenako kunjenjemera, kusanza, msana mbali imodzi ngati andimenya, kunyumba tinkati malungo tinagula mankhwala a malungo, kuchipatala atayeza malungo sanapezeke anati zafika ku impso

Make Tadala: Mai busa sali oyembekezera ali pa jakisoni, werengani mmwambamu

Mai Busa Nasibeko: Ooh pepani. Komabe ena amve

Nachisale (mzamba): Ayi mai busa zisiyeni pomwepo zithandiza ena. Matenda a chikhodzodzo okha satenthetsa thupi kwenikweni. Kukabwera kutentha, kunjenjemera, kusanza ndi kuwawa m'mbali munsi mwa nthiti ndekuti tizilombo takwera ku impso, imeneyo ndi ya tsiku lomwelo olo usiku. Kwa oyembekezera olo kuotcha kokha pitani kusikelo msanga chifukwa zimatha kuchititsa kuti mubereke mwana asanakhwime. Mbali inayinso ili ndi kokwera kwake, chinzonono ndi kilamidiya zikasiyidwa zimakwera m'chiberekero mpaka m'machubu, munthu amamva kuwawa m'munsi mwa mimba, kuwawa mkati pogonana, thupi kutentha, ndipo machubu akapola ndi zipsera ndi pomwe pamabwera kusabereka kapena mimba yokhala mu chubu. Nchifukwa chake ndikukana zoti azingosinthasintha makapisozi.

Membala wobisa dzina: Ndabwerako kuchipatala azimayi. Mkodzo ndinatunga mmene anandiuzira a Thoko, anati mafinya alimo pang'ono koma kabokosi ka naitiraiti kaja sikanasinthe. Anandiyeza mimba palibe, magazinso ali bwino. Kenako anesi anandigoneka nkuika kachitsulo kaja, anati pa khomo la chiberekero pafiira ndipo pakutuluka zachikasu, atangokhudza panatuluka timagazi. Anandisindikiza pamimba sipanawawe. Andibaya jakisoni mmodzi pathako, andipatsa dokisi wa masiku 7 kawiri pa tsiku ndi fulajilo, ati sipuro ndisiye. Za likodzo ndinanena, mu mkodzo sanaone mazira koma ati ndikabwerenso ndikamaliza mankhwala akaonenso khomolo ndi kundiyeza khansa. Vuto ndi ili, andipatsa kakalata koti ndikapatse bambo akunyumba abwere adzalandire mankhwala. Ndinafunsa kuti nde ndi chinzonono? Anangoti timachiza zonse pamodzi. Ndawaonetsa bambowo akuti iwo alibe vuto lililonse sakumva kuwawa paliponse, nde mwina ineyo ndi amene ndifotokoze komwe ndazitenga. Sindinagone

Naphiri wa ku Joni: Mxiii amuna. Akudziwa zomwe anapanga ameneyo, akungotembenuza nkhani

Make Tadala: Nde achipatalawo bwanji osayeza kuti adziwe chenicheni, kumangopereka mankhwala mulu ngati akulota, mabanja atha nazo izi

Thoko wa ku labu: Make Tadala si ulesi, makina oyezera kilamidiya ndi chinzonono mwa mzimayi ndi odula ndipo sapezeka mzipatala zambiri zaboma, nde ndondomeko yake ndi yoti akaona zizindikiro zakutizakuti apereke mankhwala okwirira tizilombo tonse tomwe timapanga zimenezo, tsiku lomwelo munthu asanasowe. Jakisoni ndi wa chinzonono, dokisi ndi wa kilamidiya, fulajilo ndi wa tilikomonasi ndi chonunkha nsomba chija. Kuipa kwake nkomwe mwanenako, ena amamwa mankhwala a matenda omwe alibe, ndipo munthu amatuluka osadziwa dzina la chomwe chimamuvuta. Ine ndemwe sizindisangalatsa. Amene ali ndi ndalama amakayezetsa ku pulaiveti koma poti wayamba kale mankhwala zotsatira sizingadalirikenso kwenikweni

Nachisale (mzamba): Mwachita bwino kupita, ndipo zomwe anaona pa khomopo zikugwirizana ndi zomwe munafotokoza. Pa nkhani ya abambo ndilankhule mosamala chifukwa Naphiri wagamula kale mlandu. Kakalata kaja si umboni woti wina wayenda. Choyamba palibe anayeza nkupeza kachilombo kakutikakuti. Chachiwiri kilamidiya amatha kukhala mwa munthu miyezi yambiri mwinanso kupyola chaka osaonetsa kanthu, mwa mwamuna kapena mkazi, nde za ndani anayamba ndi liti palibe angakuuzeni, olo ine. Koma zoti alibe vuto poti sakumva kuwawa ndi zomwe sizoona. Amuna ambiri okhala ndi kilamidiya kapena tilikomonasi samva chilichonse. Inu mukamaliza mankhwala iwo osamwa, tsiku loyamba kukhala limodzi akubwezerani, mwezi wamawa muli pomwepa. Auzeni choncho, kuti achipatala sakufunsa za komwe zachokera, akungofuna nonse mumwe nthawi imodzi. Ndipo musakhalire limodzi mpaka nonse mutamaliza masiku 7 anu, zikavuta kondomu.

Dokisi mumwe mutadya, ndi madzi odzadza kapu, mutakhala tsonga, musagone pompo chifukwa akakakamira pammero amaotcha koopsa. Musamwere limodzi ndi mkaka kapena mapilitsi oonjezera magazi, siyanitsani maola angapo. Fulajilo amasiya kukoma kwa chitsulo mkamwa musadabwe, mowa ayi mpaka padutse masiku awiri mutamaliza. Ndipo musadabwenso kukayamba kuyabwa ndi choyera chija cha Make Tadala pakutha pa sabata, mwamwa mankhwala ambiri motsatizana, imeneyo idzakhala kandida osati kuti matenda abwerera.

Naphiri wa ku Joni: Anesi mukuwaikira kumbuyo. Chaka chathunthu kachilombo kali phee? Banja la ana awiri limenelo si la chaka chimodzi

Nachisale (mzamba): Sindikuikira kumbuyo munthu, ndikunena zomwe chipatala chingathe kutsimikiza ndi zomwe sichingathe. Za m'nyumba mwawo akudziwa ndi eni ake.

Gogo Nabanda: Mwana wanga usakangane naye usiku. Uwauze ankhoswe a kuchimuna amuperekeze, mwamuna amamvera mwamuna mnzake

Membala wobisa dzina: Agogo ankhoswe ake ndi achimwene awo, akazi awo ali mu gulupu muno, nde mukuona mmene zilili. Ndiyesa kaye ndekha mawa akabwera kuntchito. Anesi kodi akakana kupita sindingangowagulira dokisi pa famase nkuwapatsa?

Nachisale (mzamba): Dokisi yekha sakwanira, jakisoni uja ndi amene amagwira chinzonono ndipo mapilitsi ngati sipuro anasiya kudalirika pa chinzonono, tizilombo tinazolowera. Komanso pafunika awaone ndi kuwayeza magazi. Ngati akuchita manyazi ndi chipatala cha pafupi apite china chakutali ndi kakalatako, sikofunika kuti mupite nonse. Inu kuotcha kukapanda kuchepa pofika tsiku lachitatu lachinayi, kapena m'munsi mwa mimba mukayamba kuwawa, kapena thupi kutentha, bwererani osadikira tsiku anakupatsani lija. Ndipo ulendo wokaonetsanso khomolo musaujombe olo mutamva bwino, timagazi tija tikapitirira nkhani ya likodzo ndi ya khansa zikhala zisanayankhidwe.

Make Tadala: Anesi nanga ine mankhwala oika kumusi aja bambo a Tadala nawonso afunika kumwa kanthu? Ndifunsiretu ndisanayambitse nkhondo kunyumba kkkk

Nachisale (mzamba): Kandida ayi, sitimuwerengera m'gulu la opatsirana, abambo amapaka kirimu pokhapokha ngati nawonso kunsonga kwafiira kapena kukuyabwa. Koma dziwani kuti kirimu ndi mapilitsi oikawo amatha kufooketsa kondomu. Shuga uja kayezetseni m'mawa musanadye kanthu.

Chisomo Mangochi: Ofunsa mudzatiuze za ulendo wachiwiriwo, ine za ku Nkhotakotazo sizikundichoka m'mutu